Lachitatu: kuchotsa pamene atelala anaphonya mtengo

Ntchito ya lero inali kukonza vidiyo ya atelala a ku Yeoville mumzinda wa Johannesburg, bambo ochokera ku Mangochi amene amasoka madiresi aukwati. Potchula mtengo anati, "Diresi limayambira pa R800, aa pepani, pa R1,800." Masekondi awiri apakatiwo ndi amene amafunika kuchoka.

Mawu ndiwo oyamba kukonza, chithunzi pambuyo. Ndadula atangomaliza kunena "limayambira", n'kulumikiza pa "pa" wachiwiri, chifukwa "p" amayamba milomo ili yotseka, ndiye pamakhala kachete kobisamo chilumikizo. Vuto linali takisi imene inkaliza hutala panja: kulira kwake kunadukira pakati, ndipo khutu limagwira zimenezo msanga kuposa diso. Ndaikapo Constant Power, njira yolowetsa mawu ena mwa ena pang'onopang'ono, ya mafulemu atatu mu pulogalamu yokonzera vidiyo ya Premiere Pro, pansi pake n'kuyala phokoso la m'shopumo lomwe linajambulidwa popanda wolankhula.

Mawu atakhala bwino, chithunzi chinkadumpha. Jampukati ndi imeneyo: kamera ili pomwepo, koma mutu wa munthu wasuntha mwadzidzidzi. Imapiririka ngati thupi silinasunthe kwambiri, makamaka ukakulitsa chithunzi mbali imodzi kuti zioneke ngati kamera yachiwiri. Vidiyoyi inajambulidwa mu 4K, yomwe ndi yaikulu kawiri m'litali ndi m'lifupi kuposa 1080 imene ndikukonzera, choncho mpata wokulitsira ulipo mpaka kuwirikiza kawiri. Kungowonjezera pang'ono, monga 5 peresenti, kumaoneka ngati ngozi. Ndi bwino kuyambira 25 kapena 30, maso a munthuyo n'kuwasiya pa mzere umodzi mbali zonse ziwiri.

Pano sizinathandize. Asanaphonye manja anali pa nsalu, koma popepesa anaseka, n'kuweramira kutsogolo, dzanja lili m'mwamba. Morph Cut, njira ya Premiere Pro yosakaniza zithunzi ziwiri kuti podulapo pasaoneke, nayonso imafuna munthu wokhala phee. Dzanja likasuntha chonchi imalisungunula ngati phula.

Ndiye ndasankha katawe, chithunzi china chophimba podulapo mawu akupitirira. Ndaika diresi loyera lili pa chidole, masekondi atatu, kutanthauza mafulemu 75 pa liwiro la mafulemu 25 pa sekondi. Layamba sekondi yathunthu chilumikizo chisanafike, chifukwa likayambira pomwepo woonera amamva ndi kuona kudulako nthawi imodzi. Panalinso chithunzi chokongola cha manja awo pa makina, koma ndachisiya: munthu sangakhale akupalasa makina kwinaku mawu ake akumveka modekha, popanda kulira kwa makinawo. Diresi ndi limene akulitchula, ndiye woonera amaliyembekezera kale.

Katawe imabisa kuti padulidwa, ndipo apa mpofunika kusamala. Mtengo anaukonza okha, choncho kuphimba sikunamiza aliyense. Akanakhala kuti akudandaula za lendi ya shopu, ine n'kulumikiza ziganizo ziwiri zotalikirana mphindi zingapo, ndikanasiya jampukati ioneke, woonera adziwe kuti pakati pachoka mawu.

Madzulo ndawatumizira kachidutswako pa WhatsApp kuti atsimikize kuti R1,800 ndiwo mtengo wake vidiyo isanatuluke.