Mmene ndinkadziwitsira anthu za chikondwerero cha makwaya ku Zomba

Komiti itandipatsa tsamba la Facebook la chikondwerero chathu cha makwaya, ndinayambira m'kope. Kutatsala sabata ndinatenga ndondomeko ya tsikulo n'kulemberatu mawu oika pansi pa zithunzi, ndikusiya mipata: "Nthawi ndi ___. Kwaya ya ___ ili pa nsanja, ikatsika kubwera ya ___." Ng'oma zikamalira m'khutu, mutu supeka chiganizo chabwino.

Mauthenga atatu oitanira anthu ndinawatchera mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera masamba a Facebook, kuti azituluka okha: kutatsala sabata, kutatsala masiku awiri, ndi m'mawa wa tsikulo. Mzere woyamba unkanena tsiku, nthawi ndi malo, chifukwa uthenga ukatalika mawu otsalawo amabisika pansi pa "See more", ndipo ambiri sadinapo. Njira yochokera pa depoti, yothandiza otsika minibasi za ku Chinamwali ndi ku Thondwe, ndinaiika m'munsi.

Pomwe ndinalakwitsa ndi apa. Ndinatcheranso uthenga wakuti "Tayamba!" kuti utuluke 1 koloko. Masanawo mvula inatsika kuphiri, magetsi n'kuthima, anyamata n'kuthamangira jenereta. Uthenga uja unatuluka m'holo muli zii. Mayi wina amene anali panjira kuchokera ku Domasi anaimba foni: "Achimwene, mwayambadi? Ana athu aimba kale? Ndibwerere?" Zinandipweteka, poti anali atawononga kale ndalama ya ulendo.

Ndinakonza uthengawo, komanso ndinalemba wina watsopano, chifukwa amene anawerenga kale sabwereranso kukaona ngati mwasintha: "1:15 masana: sitinayambe, magetsi athima. Tiyamba 2 koloko, ndondomeko ndi yomweyo." Kuyambira tsiku limenelo, zochitika pa nsanja sinditcheranso, ndimatumiza ndi dzanja nditaziona ndi maso.

Mwambo uli mkati, uthenga uliwonse unkayamba ndi nthawi. Facebook sionetsa mauthenga motsatana, ndiye mawu oti "panopa" akhoza kumupeza munthu usiku, iye n'kumaganiza kuti tikadaimba. Kwaya iliyonse ndinkaipatsa uthenga umodzi, ndipo dzina lake ndinkakopera papepala lomwe mtsogoleri wake analemba yekha. Dzina likalakwika, anthu amasiya za nyimbo n'kumakangana za dzinalo. Netiweki itayamba kuvuta ndi kuchuluka kwa anthu, ndinasiya mavidiyo n'kumatumiza chithunzi chimodzichimodzi.

Zotsatira ndinazitulutsa madzulo omwewo, nditafananiza ndi pepala la oweruza. Ndinaziikanso pa WhatsApp Status, koma poti kumeneko zimafufutika pakatha maola 24, ndinalembapo kuti zonse zili pa tsamba. M'mawa mwake ndinaika zithunzi, ndalama zomwe msungichuma anatsimikiza, ndi katundu wotsala m'holo: maambulera anayi ndi nsapato imodzi ya mwana. Mwini nsapatoyo anabwera Lolemba.