Lachitatu: masentimita 20 a akazi a ku South Korea

Tsiku la lero lathera pa ziwerengero za msinkhu wa anthu, ndipo za ku South Korea ndi zimene zatenga nthawi yambiri. Kafukufuku wamkulu wa gulu la asayansi a zaumoyo lotchedwa NCD-RisC, amene anatuluka mu 2016, anasonyeza kuti akazi a kumeneko obadwa mu 1896 ankafika pafupifupi masentimita 142, pamene obadwa mu 1996 akufika 162. Pa zaka 10 zilizonse pankawonjezeka pafupifupi masentimita awiri.

Ambiri amati kutalika n'kwa kumtundu. Zoonadi, ana awiri akamadya mofanana n'kumadwala mofanana, chibadwa ndicho chimachititsa kuti wina apose mnzake. Koma chibadwa cha mtundu wonse sichisintha m'mibadwo inayi yokha. Korea anagawidwa pawiri mu 1945, anthu ake ndi amodzi, koma lero a kumpoto, amene anakumananso ndi njala yoopsa m'zaka za m'ma 1990, ndi ofupikirapo ndi masentimita angapo. Chibadwa chimangoika malire, ndipo akazi obadwa mu 1896 aja sankafika pa malire awowo.

Masana ntchito inali yofufuza zaka zimene masentimitawo amapezeka. Khanda limabadwa ndi masentimita pafupifupi 50. Chaka choyamba limawonjezera 25, chachiwiri 12, moti pa zaka ziwiri limakhala litafika pafupifupi theka la msinkhu wake wa pa ukulu. Akatswiri atayerekeza mibadwo m'maiko angapo anapeza kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwa msinkhu wa akuluakulu imakhala itaoneka kale mwana asanakwane zaka ziwiri, ndipo kwambiri imakhala m'miyendo.

Fupa la mwendo limatalika kumapeto kwake, pomwe pali kachigawo kofewa kamene kamapanga fupa latsopano. Kachigawoka kamamvera homoni yotchedwa IGF-1, imene yambiri imapangidwa m'chiwindi. Mwana akasowa mapuloteni ndi zinki, kapena akamatsekula m'mimba pafupipafupi, homoniyi imachepa ndipo fupa limayamba kukula mwapang'onopang'ono. Kudwala kamodzi sikuwononga zambiri, chifukwa mwana akachira n'kudya bwino amakula mofulumira n'kubweza zimene anataya. Vuto limabwera matenda akamatsatizana, wina n'kufika mwana asanabwerere mwakale. Mwana akatha msinkhu kachigawo kaja kamauma n'kutsekeka, ndipo ngakhale adye mazira ndi mkaka tsiku lililonse sangatalikenso.

N'chifukwa chake kunena kuti anthu anayamba kudya bwino sikokwanira. Ku South Korea mu 1971, anthu oposa 80 pa 100 alionse anali ndi njoka za m'mimba, chifukwa china n'chakuti m'minda ankathira chimbudzi cha anthu ngati manyowa. Pofika mu 1997 anali osakwana atatu pa 100. Madzi a m'mipope, zimbudzi zabwino, katemera ndi kubereka ana ochepa zinathandiza kuti chakudya chimene mwana wadya chipite kukamanga thupi, osati kukalimbana ndi matenda.

Nanga bwanji masentimita 20 onsewo sanabwere m'mbadwo umodzi? Mayi amene anapinimbira ali mwana nthawi zambiri amabereka khanda laling'ono, ngakhale adye bwino ali woyembekezera, chifukwa thupi lake limaika malire a mmene mwana angakulire m'mimba. Mwana wamkazi wa mayiyo akaleredwa bwino amamuposa ndi masentimita angapo, ndipo iye amadzabereka khanda lokulirapo. Phindu limaunjikana motero, m'badwo ndi m'badwo. Apa mpamene mapulogalamu ambiri a zakudya amaweruzidwa molakwika, popeza anthu amafuna kuona zotsatira zonse m'zaka zisanu.

Kusikelo kupinimbira kumabisala ngati tingoyang'ana kulemera. Mwana wamfupi akhoza kukhala wonenepa bwino, makolo n'kumati ndi kumtundu. Pamafunika thabwa loyezera kutalika: wosakwana zaka ziwiri amayezedwa chogona, mmodzi atagwira mutu, wina atawongola mawondo. Pa muyezo wa WHO, mnyamata wa zaka ziwiri amakhala pafupifupi masentimita 87, ndipo akapanda kufika 81 ndiye kuti wapinimbira. Ku Malawi kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Chakumadzulo zatsala ziwerengero za ku Netherlands, kwa amuna aatali kwambiri pa dziko lonse. Kumeneko kukwera kunaima: amuna obadwa mu 2001 akufika pafupifupi masentimita 183, kutsika ndi sentimita imodzi poyerekeza ndi obadwa mu 1980. Njala ndi matenda a ana zikachoka, msinkhu umafika pamene chibadwa chinalekezera.