Mapaundi 30 pa mutu: zomwe ndaphunzira pa mlandu wa sitima ya Zong

Kusukulu tinajambula kachithunzi ka ngodya zitatu kaja: nsalu ndi mfuti kuchoka ku Ulaya kubwera ku Afirika, akapolo kuwoloka nyanja kupita ku Amereka, shuga ndi thonje kubwerera ku Ulaya. Ndinakaloweza n'kukhoza mayeso, koma funso limodzi sindinafunse: ulendo wa sitima wotha chaka chathunthu, ndalama zake ankazipeza kuti? Mwezi uno ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi usiku ndikaweruka, ndipo yankho ndalipeza pa sitima imodzi yotchedwa Zong. Nkhani yake inasungika chifukwa eni ake anakangana ndi a inshuwalansi mpaka kukafika kukhoti.

Sitimayi poyamba inali ya Adatchi, dzina lake linali Zorg, kutanthauza chisamaliro. Mu Febuluwale 1781, pa nthawi ya nkhondo, Angerezi anailanda kugombe la kumadzulo kwa Afirika ili ndi akapolo kale m'kati. Amene anaigula ndi gulu la amalonda a ku Liverpool lotsogozedwa ndi William Gregson, munthu amene anakhalapo meya wa mzindawo. Malondawa sankachitika ndi zigawenga zobisala m'tchire. Ankachita ndi anthu olemekezeka, opita kutchalitchi, amene ankasonkherana ndalama m'magulu. Aliyense ankatenga gawo lake la sitima, ndipo munthu mmodzi ankamwaza ndalama zake m'masitima angapo, kuti imodzi ikamira asagwe nayo.

Ndalama yeniyeni yogwirika ndi manja inkayenda yochepa. Katundu wokagulira anthu, monga nsalu za ku India, mfuti za ku Birmingham, onga, mowa waukali ndi zitsulo, kawirikawiri ankamutenga pangongole kwa opanga ndi ogulitsa. Kugombe la Afirika katunduyo ankaperekedwa kwa amalonda ndi mafumu a komweko, amene ankabweretsa anthu ogwidwa pankhondo, obedwa, kapena ogulitsidwa chifukwa cha ngongole ndi milandu. Mbali imeneyi ndi yowawa kuiwerenga kwa ife, koma kuibisa n'kudzinamiza. Pagombe lomwe lero ndi Ghana masitima sankafika kumtunda chifukwa cha mafunde; anthu ankawatengera kusitima pa mabwato opalasidwa ndi eni dziko.

Kutsidya, ku Jamaica, eni minda ya nzimbe nawonso sankalipira kashi. Ankalipira ndi kalata ya ngongole, yofanana ndi cheke cholembedwa tsiku la m'tsogolo, yoti idzasanduke ndalama pakapita miyezi ingapo kapena kuposa chaka, ndipo kampani ya ku London ndiyo inkaikira kumbuyo kalatayo. Mwini sitima akafuna ndalama msanga ankagulitsa kalatayo kubanki pamtengo wotsikirako. Choncho kuyambira kwa wosula mfuti mpaka kwa wabanki, aliyense ankadikira malipiro kuchokera pa matupi a anthu amene anali pakati pa nyanja. Munthu wa ngongole zambiri chonchi sagona tulo popanda chomutchinjiriza, ndipo chomutchinjirizacho chinali inshuwalansi.

Malamulo a inshuwalansiyo ndiwo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndinawawerenga katatu ndisanakhulupirire. Kapolo akafa ndi matenda m'sitima, a inshuwalansi sankalipira. Imeneyo inali imfa yachilengedwe, yoluza mwini. Akafa pa chipolowe choukira amalinyero, ankalipira, malinga ngati otayikawo apyola mlingo umene anagwirizana. Ndiye panali lamulo lakale la panyanja lonena kuti katundu wina akatayidwa m'madzi pofuna kupulumutsa sitima ndi katundu wotsala, kuluzako amagawana onse okhudzidwa, ndipo mwini katunduyo amabwezeredwa. Lamuloli linapangidwira migolo ndi matumba. Pa Zong, munthu aliyense anamulembera mtengo wa mapaundi 30.

Sitimayi inanyamuka ku Accra pa 18 Ogasiti 1781 ili ndi anthu 442. Kukula kwake kunali matani 110, ndiye kuti anthu anayi pa tani iliyonse, kupitirira kawiri mmene masitima ambiri a Angerezi ankanyamulira. Amalinyero analipo 17 okha. Kaputeni wake, Luke Collingwood, anali dokotala wa pasitima ina, ndipo aka kanali koyamba kuti atsogolere ulendo. Anaima pachilumba cha São Tomé kutunga madzi, n'kulowa m'nyanja yaikulu pa 6 Seputembala.

Chakumapeto kwa Novembala, anthu oposa 60 atafa kale ndi matenda, anaona mtunda. Unali wa Jamaica, komwe ankapita, koma iwo anayesa kuti ndi Saint-Domingue, dziko la Afalansa amene anali adani awo pankhondo, ndiye anapitirira. Pozindikira kulakwitsa kwawo anali atadutsa ndi mamailosi pafupifupi 300, ndipo kubwerera kunafuna kulimbana ndi mphepo. Iwo anati madzi akumwa anatsala ochepa. Pa 29 Novembala anaponya m'nyanja akazi ndi ana 54 kudzera m'mawindo. Pa 1 Disembala anaponya amuna 42. Masiku otsatira anaponyanso ena, mpaka onse anapitirira 130. Anthu khumi ataona zimenezi anadziponya okha m'madzi.

Ndinatenga pensulo n'kuwerengera monga momwe kalaliki wa Gregson akanachitira. Sitima inafika ku Black River, ku Jamaica, pa 22 Disembala ili ndi anthu 208 amoyo, amene anagulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 36 aliyense. Zimenezo ndi pafupifupi mapaundi 7,500. Anthu 130 omizidwawo, pa mapaundi 30, ndi mapaundi 3,900 ochokera kwa a inshuwalansi. Anthu omwewo akanafa ndi ludzu kapena kamwazi m'sitima, eni ake sakanalandira kalikonse. Palibe amene ankafunika kulamula kuchokera ku Liverpool kuti aphe. Pepala la mgwirizano linali litanena kale imfa yolipira ndi imfa yosalipira.

A inshuwalansi anakana kulipira, ndipo mlandu unazengedwa ku London pa 6 Malichi 1783 pamaso pa woweruza wamkulu Lord Mansfield. Sunali mlandu wakupha. Unali mlandu wofunsa ngati kutaya katunduyo kunali kosapeweka, ndipo eni sitima anapambana. A inshuwalansi anachita apilo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho panatuluka zinthu zomwe zinagwedeza nkhani ya ludzu ija. Mvula inagwa gulu lomaliza lisanaponyedwe, ndipo sitima inafika ku Jamaica ili ndi magaloni 420 a madzi. Buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku za ulendowo linali litasowa, ndipo Collingwood anamwalira atangofika ku Jamaica. Mansfield analamula kuti mlanduwo uzengedwenso, koma palibe umboni woti unazengedwanso. Iye mwini ananena kuti gulu la anthu wamba amene anagamula mlandu woyamba uja linaiona nkhaniyi mofanana ndi kutaya mahatchi m'nyanja. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaimbidwa mlandu wakupha.

Kunena zoona, a inshuwalansi sanali anthu achifundo. Ankangoteteza thumba lawo. Amene anaisandutsa nkhani ya magazi ndi Olaudah Equiano, munthu wakuda amene anakhalapo kapolo n'kudziwombola yekha ndi ndalama zake. Pa 19 Malichi 1783 anapita kukauza Granville Sharp, Mngerezi amene anali kale ndi mbiri yomenyera akapolo milandu. Sharp anakakhala nawo pa apiloyo, anabweretsa munthu wolemba zonse zonenedwa, ndipo analembera akuluakulu oona za panyanja kupempha kuti amalinyerowo azengedwe mlandu wakupha. Akuluakuluwo sanachitepo kanthu. Koma zolemba zakezo ndizo zinasunga nkhaniyi, ndipo mu 1787 iye anali m'gulu la anthu amene anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi malondawa. Mu 1788 nyumba ya malamulo inaika malire a anthu onyamulidwa: pa sitima yaing'ono ngati Zong, anthu asanu pa matani atatu alionse. Ndinawerengeranso: matani 110 akanaloledwa anthu pafupifupi 183, osati 442. Lamulo lothetsa malondawa kwa Angerezi linabwera mu 1807.

M'mabuku athu akale nkhani yokana ukapolo imayambira pa azungu achifundo. Nditawerenga za kamangidwe ka masitimawa ndinaona kuti inayambira m'kati mwa sitima momwemo. Pakati pa sitima ankamanga chitchinga chamatabwa chachitali, chokhala ndi mibowo yoloweza mfuti, kuti amuna akaukira amalinyero athawire kuseri n'kumaombera. M'mbali ankakoleka maukonde kuti anthu asadumphire m'madzi. Dokotala ankanyamula kachitsulo kokanulira kukamwa kwa munthu wokana kudya. Munthu samanga zonsezi pofuna kusunga anthu ogonja. Akatswiri amene anasanthula zolemba za maulendo zikwizikwi amati pafupifupi sitima imodzi pa khumi zilizonse inakumana ndi kuukira, ndipo kwambiri kunkachitika sitima ikadali pafupi ndi gombe la Afirika, pamene mtunda unkaonekabe.

Kuukira kochuluka kunkalephera, ndipo chilango chake chinali choopsa. Komabe kunkalowa m'mabuku a ndalama aja. Sitima ya akapolo inkafuna amalinyero ambiri kuposa sitima ya katundu wamba yofanana nayo kukula, kuphatikizapo mfuti, maunyolo ndi inshuwalansi yokwera, ndipo mtengo wa ulendo ukakwera, anthu ogulidwa ankachepako. Anthu khumi a pa Zong amene anadumpha okha aja ndimawaika m'gulu lomweli. Chilumba chija chomwe amalinyero anayesa kuti achiona, Saint-Domingue, ndi komwe akapolo anaukira mu 1791, zaka khumi pambuyo pake, mpaka kukhazikitsa dziko la Haiti mu 1804.

Pepala la ngongole linatsatira nkhaniyi mpaka kumapeto. Pamene Angerezi anathetsa ukapolo weniweniwo m'maiko awo ndi lamulo la 1833, boma linapereka chipukutamisozi cha mapaundi 20 miliyoni, ndipo amene analandira ndi eni akapolo. Omasulidwawo sanalandire kanthu, ndipo ambiri anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838.

Ndinkaganiza kuti za Atlantic ndi za anthu a kumadzulo okha, ndipo zathu ndi za Jumbe ku Nkhotakota ndi njira yopita ku Kilwa ndi Zanzibar. Koma sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José inanyamuka pachilumba cha Mozambique mu Disembala 1794 ili ndi anthu oposa 500, ulendo wa ku Brazil, n'kusweka pamiyala pafupi ndi Cape Town pa 27 Disembala. Pafupifupi 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwa komweko ku Cape. Zotsalira za sitimayi zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, ndipo pakati pa zomwe anavuula panali zitsulo zolemetsera sitima, zomwe ankaika pansi chifukwa anthu amoyo salemera mokhazikika ngati migolo. Sabata yamawa ndiyamba kuwerenga za sitima imeneyo.