Pamene ndafika ndi kemisitiri ya madzulo: chifukwa chake asipirini sapangidwa ndi viniga

Mwezi uno ndakhala pa mankhwala ochokera ku asidi wa kabokisiliki, omwe onse ali ndi chimango chimodzi, RCO–X, kutanthauza kaboni womangidwa kawiri ndi okosijeni amene wagwiranso gulu lina lotchedwa X, pamene R akuimira gawo lotsala la mankhwalawo. Kusiyana kwawo konse kuli pa X ameneyu. Akakhala Cl ndiye asayilo kolorayidi, akakhala OCOR ndiye anihayidirayidi, akakhala OR ndiye esita, ndipo akakhala NH2 ndiye amayidi. Ukali wawo umatsika motsata mndandanda womwewu, ndipo ine ndimaziona ngati makwerero amene kutsika n'kosavuta koma kukwera kumafuna thandizo. Cholinga changa chinali choti ndizitha kuupeza mndandandawu mwa kulingalira, osati kungouloweza.

Zonse zimayambira pa kaboni uja. Okosijeni amamukokera maelekitironi, choncho amasanduka malo okopa nyukiliyofayilo, chomwe ndi chinthu chilichonse chokhala ndi maelekitironi awiri opereka, monga madzi, alikoholo kapena amoniya. Nyukiliyofayilo ikamugwira, chimango chowirikiza cha C=O chimatseguka, maelekitironi amakwera kwa okosijeni, ndipo kwa kanthawi kochepa kaboniyo amakhala atagwira magulu anayi. Kenako okosijeni amabweza maelekitironi aja kuti C=O apangikenso, ndipo popeza kaboni sangasunge zimango zisanu, gulu limodzi liyenera kuchoka. Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, chifukwa ofuna kuchoka alipo awiri: X wakale, ndi nyukiliyofayilo yomwe yangofika kumene. Limene limachoka ndi gulu lomwe lingathe kukhala palokha litasenza maelekitironi, ndiye kuti besi wofooka kuposa mnzake.

Muyeso wake timauona pa pKa, nambala yosonyeza mphamvu ya asidi amene gululo limapanga likalandira H+. HCl ali pafupifupi pa −7, asidi wa asetiki pa 4.76, etanolo pafupifupi pa 16, ndipo amoniya ali pamwamba pa 30. Nambala ikachepa, gululo limachoka msanga. N'chifukwa chake etanolo akakumana ndi CH3COCl, amene ndi asayilo kolorayidi, kolorayidi ndiye amatuluka n'kusiya esita, koma ukathira mchere wa NaCl mu esita palibe chochitika, poti kolorayidi ngakhale atagwira kaboni, iye yemweyo ndiye angachotsedwenso. Palinso chifukwa chachiwiri chokokera komweko. Nayitirojeni wa amayidi amabwereka maelekitironi ake kwa kaboni uja mowolowa manja, motero njala ya kaboniyo imachepa, pamene kolorini, amene ndi wamkulu ndipo salumikizana bwino ndi kaboni mwa njira imeneyi, amakoka kwambiri kuposa mmene amaperekera. Makina oyeza ndi kuwala kwa infuraredi amaonetsa zomwezi, poti X akamapereka maelekitironi ambiri nambala imatsika: C=O wa asayilo kolorayidi amaoneka cha pa 1800 cm⁻¹, wa esita cha pa 1740, wa amayidi cha pa 1650.

Chitsanzo chimene ndakhalapo nthawi yaitali ndi asipirini. Asidi wa salisiliki ali ndi gulu la OH pa mkombero wa benzini, ndipo asipirini ndi asidi yemweyo atalandira CH3CO pa OH ameneyo, kutanthauza kuti ndi esita. Munthu angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito asidi wa asetiki, amene ali mu viniga ndipo ndi wotsika mtengo. Yankho n'lakuti asidiyu ali pa mlingo wofanana ndi esita, choncho palibe kutsika kulikonse; kuwonjezera apo OH wa pa benzini ndi nyukiliyofayilo yaulesi, ndipo madzi otulukapo amaphwanyanso chimene chapangidwa. Charles Gerhardt mu 1853 anayambira pamwamba penipeni ndi CH3COCl, koma mankhwala amenewa amafuka utsi wa HCl akangokhudzana ndi chinyezi cha mumpweya. Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer mu 1897 anagwiritsa ntchito anihayidirayidi wa asetiki, (CH3CO)2O, ndipo ine ndikuona kuti apa m'pamene pali nzeru, chifukwa ndi waukali mokwanira koma wolamulirika, ndiponso chotsalira chake ndi asidi wa asetiki chabe.

Gawo limeneli ndalichita papepala, popeza anihayidirayidi ameneyu amawotcha maso ndi khungu, komanso kugulitsa kwake kumayang'aniridwa ndi malamulo m'mayiko ambiri. M'malabotale a ophunzira amatenga magalamu 2.0 a asidi wa salisiliki, amene molo yake imodzi, muyeso wowerengera mamolekyu, imalemera magalamu 138.12, zomwe zikupereka mamolo 0.0145. Amathira mamililita 5 a anihayidirayidi, omwe ndi mamolo pafupifupi 0.053, kuposa katatu mlingo wofunika, ndi madontho ochepa a asidi wa H3PO4 kuti C=O alandire H+ n'kukhala wanjala kwambiri. Amatenthetsa m'madzi a madigiri 70 mpaka 80 kwa mphindi ngati 15, kenako amathira madzi pang'onopang'ono kuti aphwanye anihayidirayidi wotsala, n'kuziziritsa mu ayezi mpaka timibulu toyera titatuluka. Molo ya asipirini ndi magalamu 180.16, choncho zonse zitayenda bwino malire ndi magalamu 2.6. Madzi othira kumapetowo akuonetsa bwino mndandanda uja, chifukwa amadya anihayidirayidi msanga n'kusiya esita ali bwinobwino. Koma madzi omwewo akakhala m'botolo kuyambira pachiyambi chifukwa silinaumitsidwe, amatha anihayidirayidi asanagwire ntchito, ndipo zokolola zimachepa.

Zimene ndachita ndi manja ndi kutembenuza ulendowu. Ndinaphwanya mapiritsi a asipirini, n'kugawa ufawo pawiri. Gawo lina ndinalisungunula m'madzi ozizira, lina ndinaliwiritsa kwa kanthawi n'kulisiya kuti lizizire. Mu zonse ziwiri ndinadonthezera mchere wa FeCl3 wosungunulidwa m'madzi ambiri, amene amasanduka wofiirira mobiriwira ngati maluwa a jakaranda akapeza OH womasuka pa benzini. M'kapu ya madzi ozizira munangooneka kamtundu kotuwa kovuta kukaona, koma m'kapu yowiritsa dontho linada pomwe linagwera, mtundu n'kufalikira madzi onse nditagwedeza. Madzi otentha anali atalowa pa kaboni wa esita n'kumasula asidi wa salisiliki. Ndi zomwezi zimene zimachitika pang'onopang'ono m'botolo la mapiritsi lokhala pachinyezi, lomwe ukalitsegula limanunkha viniga.

Kuyesa kumeneku kuli ndi malire ake. Parasetamolo ndi amayidi, ndipo amayidi safuna kuphwanyika popanda asidi kapena besi wamphamvu ndi moto wa nthawi yaitali, koma FeCl3 sangatsimikizire zimenezi chifukwa parasetamolo ali kale ndi OH womasuka pa benzini, motero amasintha mtundu ngakhale asanawiritsidwe. OH ameneyo amatsala chifukwa popanga mankhwalawa anihayidirayidi amasankha nayitirojeni, yemwe ndi nyukiliyofayilo yachangu kuposa okosijeni.

Za kukwera ndangoziyamba kumene. Kuti asidi asanduke asayilo kolorayidi pamafunika SOCl2, amene amasandutsa OH kukhala gulu lochoka mosavuta, ndipo SO2 ndi HCl zimathawa ngati mpweya kotero kuti zinthu sizibwerera m'mbuyo. Pansi penipeni pali RCOO⁻, kutanthauza asidi atataya H+, amene palibe nyukiliyofayilo wamba ingamukhudze, ndipo n'chifukwa chake mafuta akaphikidwa ndi kositiki soda n'kukhala sopo sabwereranso kukhala mafuta. Mwezi wamawa ndiyika pa mndandandawu thayoesita, RCO–SR, amene ali pakati pa anihayidirayidi ndi esita, chifukwa ndiye amene thupi limagwiritsa ntchito posamutsa CH3CO m'malo mwa asayilo kolorayidi.