Sipilita ya HDMI ndi sikirini yomwe imada filimu ikangoyamba

Chofunika kuchigwira pophunzira za HDMI, chingwe cholumikiza makina monga puleya ndi sikirini, n'chakuti chingwecho sichingotumiza chithunzi basi. M'kati mwake muli timawaya tiwiri, pa pini 15 ndi 16, tomwe makina otumiza chithunzi ndi sikirini amakambiranirapo chithunzi chisanatuluke. N'chifukwa chake kachingwe kotchipa kamphanda kogawira chithunzi chimodzi ku masikirini awiri, kopanda magetsi akeake, kamavuta mukayatsa masikirini onse awiri: awiriwo amayankhira pamodzi pa mzere womwe unapangidwira mmodzi. Chofunika ndi sipilita yeniyeni, kabokosi kolembedwa 1x2, kokhala ndi IN mmodzi, OUT awiri ndi adaputa ya 5V. Musaisokoneze ndi switchi, yomwe imalandira zithunzi zingapo n'kupereka ku sikirini imodzi.

Zokambiranazo zili pawiri. Koyamba sikirini imapereka EDID, mndandanda wa zomwe ingathe kuonetsa. Kenako pamabwera HDCP, loko yomwe kampani ya Intel inapanga kuti anthu asamakope mafilimu kudzera pa chingwe. Makina otumiza amafuna umboni woti wolandirayo ndi wovomerezeka, ndipo akakhutira amatumiza chithunzi chosokonezedwa chomwe wolandirayo yekha ndiye angachimasule.

Sipilita imaima pakati ngati mkhalapakati. Imadzitsimikizira yokha kwa makina otumiza, imafunsa sikirini iliyonse payokha, kenako n'kupereka kwa makina otumizawo mndandanda wa onse omwe yalumikiza. Apa mpamene pagona nkhani.

Titenge puleya ya mafilimu a 4K, TV yatsopano ya 4K pa OUT 1, ndi pulojekita yakale ya 1080p, mlingo wa chithunzi wotsikirapo kuposa 4K, pa OUT 2. Mafilimu otetezedwa a 4K amafuna HDCP 2.2, pomwe pulojekitayo imangodziwa HDCP 1.4. Mukayatsa, menyu atha kuoneka bwinobwino mbali zonse. Filimu ikangoyamba, pulojekita ija bii! Lamulo la HDCP 2.2 limaletsa sipilita kupereka filimu yotereyi kwa chipangizo cha 1.4. Nthawi zina puleya ikaona pa mndandanda kuti pali wakale, imatsitsa yokha chithunzi kufika pa 1080p, apo ayi imakaniratu, TV yosalakwa ija n'kudanso. Sipilita nayo ikakhala ya 1.4 chabe, ngakhale masikirini onse akhale atsopano, zotsatira zake n'zomwezo.

Pofufuza, yambani mwachotsa sipilita. Lumikizani puleya ku sikirini iliyonse payokha ndipo museweretse filimu yomweyo, osati menyu. Kenako bwezerani sipilita ndi sikirini imodzi, yachiwiri pambuyo. Pomwe chithunzi chathawirapo mpomwe pali vuto.

Kaonekedwe ka vutolo kamanenanso zambiri. Menyu kuoneka koma filimu ayi, ameneyo ndi HDCP, ngakhale makina ena amayatsa lokoyo nthawi zonse moti ndi menyu yemwe saoneka. Sikirini imodzi ikalemba uthenga ngati "Out of range", nkhani ndi EDID: sipilita yakopa zofuna za TV ya 4K n'kukakamiza pulojekita zomwe singathe. Timadontho toyera tothwanima ndi chingwe chofooka kapena chachitali kwambiri. Koma chithunzi chomwe chikubwera n'kumathawa pakangopita kanthawi chimanyenga, poti HDCP 1.4 imabwereza kutsimikiza pafupifupi masekondi 2 aliwonse, choncho chingwe chosagwira bwino chimadula zokambiranazo ngakhale zipangizo zonse zili zovomerezeka. Yesani kaye chingwe cha mamita 2 musanadzudzule bokosi.

Pa chitsanzo chathuchi mankhwala apafupi ndi kuika puleya pa 1080p m'masetingi ake, chifukwa mafilimu ambiri pa mlingo umenewo amalola HDCP 1.4. Ngati sipilita ili ndi kabatani ka EDID, kaikeni pa 1080p, apo ayi kaikeni pokopa sikirini yofookayo. TV ya 4K itaya pang'ono tsatanetsatane wa chithunzi, koma onse aonera. Mukafuna 4K mbali zonse, puleya, sipilita ndi masikirini onse awiri akhale a HDCP 2.2, sipilitayo ikhale yonyamula 18 Gbps, ndipo muyang'ane kumbuyo kwa TV, poti ma TV ena oyambirira a 4K anali ndi 2.2 pa doko limodzi lokha. Sipilita yotsitsa 4K kufika pa 1080p pa OUT imodzi imathetsa vuto la EDID, koma sikuti pakutero yathetsanso la HDCP.

Poyatsa, yambani masikirini, kenako sipilita, puleya pomaliza, kuti pofunsa ipeze onse ali maso. Chithunzi chikakakamira, zulani adaputa ya sipilita kwa masekondi 10 kuti zokambirana ziyambirenso. Pa PlayStation 4 ndi 5 mutha kuzimitsa "Enable HDCP" kuti masewera adutse, koma mapulogalamu a mafilimu amakana kuseweretsa kanthu mpaka mutaiyatsanso.