Makhadi asanu a Fomu 4

Lolemba ndinachonga makope a Fomu 4 mpaka mutu kuwawa. Funso linali lakuti m'thumba muli makhadi 5, ofiira 3 ndi akuda 2, utulutse awiri motsatizana osabwezera loyamba: mwayi woti onse akhale ofiira ndi wotani? Ambiri analemba 3/5 × 3/5 = 9/25, ngati kuti khadi loyambalo linabwerera lokha m'thumba.

Choncho Lachiwiri ndinapita ndi makhadi enieni, omwe ndinagula pa benchi ku msika wa Ndirande. Ahedi atandiona nawo pakhonde anati, "Aphunzitsi, mwayamba kuphunzitsa ana njuga?" Ndinawauza kuti alowe nawo m'kalasi, koma anangoseka n'kupitirira.

Ndinapatula asanu okha, n'kuitana mtsikana wina kuti asolole limodzi. Lisanatuluke, tinagwirizana kuti mwayi wa lofiira ndi 3/5. Anasolola lofiira, ndipo ndinamuuza kuti aliike m'thumba la yunifomu yake. Kenaka ndinayala otsalawo pa desiki, aliyense awerenge yekha: makhadi 4, ofiira 2, akuda 2. Mwayi wa lofiira unali utatsika kufika pa 2/4. Khadi lochokalo linachepetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, mulu wonse komanso gulu la ofiira, n'chifukwa chake nambala ya pansi ndi ya pamwamba zonse zinasintha. Yankho ndiye 3/5 × 2/4 = 6/20, kapena kuti 3/10. Tinabwereza, ulendo uno kunayamba kutuluka lakuda. Otsala anali ofiira 3 ndi lakuda 1, mwayi wa lofiira n'kukwera kufika pa 3/4.

Lachitatu kunabuka cholakwa china chomwe ndimachiona chaka chilichonse. Ana ena anagwira zoti pansi pamakhala 4, koma pamwamba anasiya 3, n'kupeza 9/20. Ndinawapatsa njira yodzigwirira okha pojambula mtengo wa nthambi, chithunzi chomwe nthambi iliyonse imaimira mtundu wa khadi lomwe lingatuluke ndi mwayi wake: nthambi zochokera pamfundo imodzi ziyenera kukwana 1 ukaziphatikiza. Ukalemba 3/4 pa lofiira ndi 2/4 pa lakuda, zikupereka 5/4, kutanthauza kuti ukuwerenga makhadi 5 pa desiki pomwe pali 4. Kumapeto kwa mtengo nakonso n'chimodzimodzi: 6/20, 6/20, 6/20 ndi 2/20 zikwana 20/20.

Tsiku lomwe ndinasangalala nalo ndi Lachinayi, ngakhale linandidyera piriyodi yonse. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri sayankhula, anakweza dzanja.

"Sala, nanga khadi loyambalo tikalichotsa osaliona?"

Ndinasolola limodzi n'kulivundikira ndi dasitala. Pa mwayi woti lachiwiri likhale lofiira, kalasi inagawikana, ena akuti 2/4, ena 3/4, wina n'kunena kuti funsolo lilibe yankho. Tinawerengera njira zonse ziwiri. Ngati lobisikalo ndi lofiira, 3/5 × 2/4 = 6/20. Ngati ndi lakuda, 2/5 × 3/4 = 6/20. Kuphatikiza, 12/20, yomwe ndi 3/5 yomwe ija ya poyamba.

Sanakhulupirire, ndipo sindinawadzudzule, chifukwa makhadi pa desiki analidi 4. Ndinapatsa makhadiwo mayina, ofiira A, B, C, akuda D ndi E, n'kuwauza kuti alembe mapeyala onse otheka, AB, AC, AD, mpaka ED. Anatuluka 20, popeza loyamba lili ndi njira 5, lachiwiri 4. Atawerenga omwe akuthera ndi A, B kapena C anapeza 12. Kenaka ndinawauza kuti afufute mapeyala onse oyamba ndi D kapena E, ngati kuti tavundukula dasitala n'kuona lofiira. Anatsala 12, ndipo mwa amenewa 6 okha ndiwo akuthera ndi lofiira, yomwe ndi theka, 2/4 uja. Apa m'pomwe anaona kuti kuona khadi loyamba kumafufuta mapeyala ena pa bolodi. Ukapanda kuliona, palibe lomwe wafufuta.

Mfundo imeneyi sikawirikawiri kuipeza pa mapepala akale a MSCE omwe timagwiritsa ntchito pokonzekera, koma ine ndimaona kuti mwana amene waimva sasokonezanso mtengo wa nthambi.

Lachisanu, belu litatsala pang'ono kulira, ndinabwezera asanuwo mu paketi yonse ya makhadi 52. Awiri ofiira osabwezera ndi 26/52 × 25/51, pafupifupi 0.245, pomwe pobwezera ndi 0.25. Kusiyana kwake n'kochepa, chifukwa khadi limodzi kuchoka pa 52 silisintha kwambiri mulu. N'chifukwa chake ndinayamba ndi asanu, pomwe 0.3 ndi 0.36 zimasiyana moonekeratu. Paketiyo ndinaitsekera m'kabati ya m'sitafurumu, kuopa kuti Lolemba ahedi angaipeze m'manja mwa anyamata kuseri kwa kalasi.