Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Timadontho 30

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe anandisamutsira ku benchi yoyeza mikodzo mu labotale. Ntchito yake ndinaigwira msanga. Umatenga kawaya kotchedwa lupu, kamene kamatunga 0.001 ya mililita, n'kupaka mkodzowo pambale ya CLED, yokhala ndi chakudya chomeretsera mabakiteriya. Mbaleyo imagona mu inkyubeta pa madigiri 37 kwa maola 18 mpaka 24. Kukacha umawerenga timadontho tomwe tamera. Kadontho kamodzi kamaimira mabakiteriya 1,000 mu mililita imodzi, choncho timadontho 100 ndi 100,000. Nambala imeneyi, yochokera ku kafukufuku wa Edward Kass wa m'ma 1950, ndinkaiona ngati lamulo: ikakwana ndi matenda, ikaperewera palibe kanthu.

Tsiku lina ndinatulutsa mbale ya mayi wina wa zaka 26. Panali timadontho 30, tonse tachikasu, tofanana, monga imaonekera bakiteriya ya E. coli ikadya shuga wa pambalepo. Ndiye kuti 30,000. Ndinatenga cholembera kuti ndilembe kuti sipanamere kanthu kodetsa nkhawa.

Amayi amene ankatiyang'anira anandigwira dzanja. "Mwana wanga, fomuyi waiwerenga?"

"Ayi, amayi, ndangowerenga mbale."

Pafomupo adokotala analemba kuti mayiyo akumva kuotcha pokodza ndipo akukodza pafupipafupi kwa masiku awiri. Pa maikulosikopu dzulo lake tinaona maselo oyera a magazi ambiri mumkodzo wake, koma maselo a khungu ochepa, kusonyeza kuti mkodzo unatengedwa bwino, wapakati. Amayi aja anandifotokozera modekha kuti munthu wokodza pafupipafupi sapatsa tizilombo nthawi yoswana m'chikhodzodzo, ndipo akamamwa madzi ambiri mkodzo umasungunuka. Anati Kass ankafuna kusiyanitsa matenda ndi kuipitsidwa kwa mkodzo makamaka mwa anthu opanda zizindikiro ndi odwala impso, ndipo mu 1982 Walter Stamm ndi anzake anasonyeza kuti mwa amayi omva kuwawa chonchi, ngakhale mabakiteriya 100 pa mililita akhoza kukhala matenda enieni. Lupu yathu sikanaziona n'komwe zimenezo.

Kenako anakoka mbale ina pamulu wanga, yomwe ndinali nditaiika kale kumbali kuti ndi matenda. Inali yodzaza, timadontho toposa 100, koma tamitundu itatu: tachikasu, tabuluu, ndi tina ting'onoting'ono. Anandiuza ndione nthawi. Mkodzo unatengedwa 8 koloko m'mawa, unafika kwa ife 1 koloko masana, osalowa mufiriji. Mkodzo umayenera kupakidwa pasanathe maola awiri, apo ayi usungidwe pa madigiri 4, chifukwa tizilombo tochepa ta pakhungu timaswana m'botolo momwemo.

Mpaka lero ndimamva chisoni ndikaganiza kuti mayi uja akanabwerera ndi ululu wake chifukwa cha ine. Mbale yodzaza ija tinapempha mkodzo wina. Ya timadontho 30 tinaitsimikiza kuti ndi E. coli, n'kuiyesa pa mankhwala madzulo omwewo.